Sitolo yodzaza, thumba lopanda kanthu

Pamalo ambiri ochitira malonda m'boma muno pali sitolo imodzi kapena ziwiri zopikulitsa katundu, zimene maokala ndi magolosale a m'midzi yozungulira amadalira. Shuga wochokera ku Nchalo kapena ku Dwangwa, mafuta ophikira, sopo, mchere ndi machesi, zonsezi zisanafike pakhomo la munthu wakumudzi zimayamba zagona m'sitolo yotere. Chodabwitsa n'chakuti sitolo yopikulitsa imatha kugwa ili yodzaza ndi katundu, makasitomala akubwerabe, buku la mwiniwake likuonetsa phindu mwezi ndi mwezi. Limangofika tsiku loti kampani ikufuna ndalama zake koma m'kabati mulibe, ndipo galimoto ya shuga imapitirira osatsitsa. Sabata yomweyo maokala amasowa shuga, mtengo umakwera, ndipo anyamata akabaza ndi onyamula katundu amene amapezera ganyu pasitolopo amaswera manja ali m'thumba.

Chimene chimagwetsa sitolo yotere kawirikawiri si kusowa phindu ayi, koma kutalika kwa nthawi yapakati pa tsiku limene mwini sitolo walipira kampani yomugulitsa katundu ndi tsiku limene ndalamazo zabwereranso m'manja mwake. Nthawi imeneyi imawerengeka m'masiku, ndipo ikawerengedwa imatha kufupikitsidwa.

Ulendo wa ndalama uli ndi zigawo zitatu

Ndalama za wopikulitsa sizikhala malo amodzi. Zimachoka m'thumba n'kusanduka katundu, katunduyo amagona m'sitolo kudikira wogula, ndipo akatengedwa pangongole amasanduka dzina lolembedwa m'buku mpaka wangongoleyo atabweza. Pokhapo m'pamene ndalama zimabwerera m'thumba kuti ziyambenso ulendo wina. Choncho pali masiku amitundu itatu ofunika kuwawerenga. Oyamba ndi masiku amene katundu amagona m'sitolo asanagulidwe. Achiwiri ndi masiku amene makasitomala amatenga asanalipire. Achitatu ndi masiku amene kampani yogulitsa katundu imalola wopikulitsa kukhala asanailipire.

Masiku oyamba ndi achiwiri amatalikitsa ulendo, pamene achitatu amaufupikitsa, pakuti pa masiku amenewo katundu amakhala akuyendera ndalama za kampani, osati za wopikulitsa. Motero kawerengedwe kake n'kosavuta: kuphatikiza masiku a katundu ndi masiku a angongole, kenako n'kuchotsapo masiku amene kampani imadikira. Otsalawo ndi masiku amene sitolo imayenda ndi mpamba wa mwiniwake kapena ndi ndalama zokongola.

Chitsanzo cha sitolo imodzi

Nachi chitsanzo chongoyerekeza cha mayi amene ali ndi sitolo yopikulitsa pamsika wina. Pamwezi amagulitsa katundu wa K33 miliyoni, amene iye anamugula pa K30 miliyoni. Pa K3 miliyoni yotsalayo amalipira lendi, antchito, mlonda, mayendedwe ndi magetsi, zonse pamodzi K1.8 miliyoni, ndipo phindu lake lenileni limakhala K1.2 miliyoni. Mwezi ukawerengedwa masiku 30, ndiye kuti tsiku lililonse m'sitolomo mumatuluka katundu amene anamugula pa K1 miliyoni, n'kugulitsidwa pa K1.1 miliyoni.

Pakutha pa mwezi mayiyu akuwerenga katundu yense ali m'sitolo ndi m'chipinda chosungiramo, pa mtengo umene anagulira, n'kupeza kuti ndi wa K25 miliyoni. Popeza tsiku lililonse mumatuluka wa K1 miliyoni, katunduyo ndi wa masiku 25. Akutsegula buku la ngongole n'kupeza kuti amaokala ndi ena ali ndi ndalama zake zokwana K13.2 miliyoni. Ngongole zimenezi zinalembedwa pa mtengo wogulitsira, choncho zimagawidwa ndi K1.1 miliyoni ya patsiku, ndipo zikupereka masiku 12. Pomaliza akuphatikiza zimene iye sanalipire kumakampani, zimene zikukwana K7 miliyoni, kutanthauza masiku 7.

Masiku 25 kuphatikiza 12 ndi 37, kuchotsapo 7 kutsala 30. Kwacha iliyonse imene mayiyu walipira kukampani imatha mwezi wathunthu isanabwerere. M'ndalama, katundu ndi ngongole za makasitomala zikukwana K38.2 miliyoni, ndipo kuchotsapo K7 miliyoni ya makampani kukutsala K31.2 miliyoni. Imeneyi ndi ndalama imene iyenera kukhala ili paulendo nthawi zonse kuti sitolo isatseke. Ndi yake ndithu, koma sangaigwire. Mbali ina ya ndalamayi ikakhala yokongola, tsiku lililonse la ulendowo limadya chiwongoladzanja. Ngati ngongole ikulipitsa K3 pa K100 iliyonse pamwezi, tsiku limodzi lowonjezereka paulendo, lomwe ndi pafupifupi K1 miliyoni, limadya K30,000 mwezi uliwonse.

Malonda akakula, njala ya ndalama imakulanso

Apa m'pamene ambiri amakodwa. Kukolola kukayamba ndipo misika ya fodya ikatsegulidwa cha m'mwezi wa Epulo, m'midzi mumalowa ndalama ndipo malonda amakwera. Ngati malonda a mayiyu atakwera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, masiku a ulendo osasintha, ndalama yofunika kukhala paulendo nayo ikwera ndi gawo lomwelo, lomwe ndi K6 miliyoni ndi kanthu pamwamba. Phindu lake la pamwezi ndi K1.2 miliyoni yokha, kotero kuti pangafunike phindu la miyezi isanu, osadyako ngakhale tambala, kuti adzaze dzenje limene kukula kwa malonda kwakumba. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. N'chifukwa chake wopikulitsa amatha kuthamangira kwa akatapila m'mwezi womwe wagulitsa kuposa miyezi yonse.

Chiwerengero chimodzi chimabisa zambiri

Masiku 25 ndi masiku 12 aja ndi apakatikati chabe, ndipo amabisa pamene pali nthenda yeniyeni. Mayiyu akagawa katundu wake m'magulu awiri, chithunzi chimasintha. Shuga, mafuta, sopo ndi mchere ndi zimene zimathamanga: pamwezi zimatuluka za K24 miliyoni, koma m'sitolo muli za K10 miliyoni zokha, zomwe ndi za masiku 12 ndi theka. Mabisiketi, mafuta odzola, mabeseni, makandulo ndi makope zimatuluka za K6 miliyoni pamwezi, koma m'sitolo muli za K15 miliyoni, zomwe ndi za masiku 75. Ndalama zoposa theka la zonse zili m'katundu zagona pa zinthu zimene zimabweretsa gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a malonda.

Buku la ngongole nalo lili ndi chinsinsi chake. Pa K33 miliyoni ya pamwezi, K22 miliyoni amalipira pompopompo, ndipo K11 miliyoni yokha ndi imene imatengedwa pangongole. Ngati m'buku muli K13.2 miliyoni, ndiye kuti otenga pangongolewo akutha masiku 36 asanabweze, chonsecho anagwirizana masabata awiri. Masiku 12 aja amaoneka ochepa chifukwa olipira pompopompo anaphimba ochedwawo.

Zizindikiro za nthendayi zimaoneka munthu asanagwire n'komwe cholembera. Sitolo imaoneka yodzaza koma shuga ndi mafuta zimatha pakati pa sabata. Makatoni a pansi amachita fumbi ndipo ena tsiku lake lothera ntchito limayandikira. Oda yopita kukampani imayamba kudulidwa pakati chifukwa ndalama sizikukwana. M'buku la ngongole mayina omwewo amabwerezedwa, ngongole yatsopano ikulembedwa pansi pa yakale yosafufutidwa.

Kufupikitsa masiku a katundu

Njira yoyamba ili m'manja mwa mwini sitolo yekha, ndipo sifuna kupempha munthu. Katundu woyenda pang'onopang'ono aodedwe pang'onopang'ono. M'malo mogula makatoni a miyezi iwiri ndi theka, mayiyu angasiye kuoda mitundu imene yadzaza kale mpaka itatsika, kenako n'kumaoda wokwanira masabata asanu ndi limodzi. Katundu amene watha miyezi itatu osagwedezeka ndi bwino kumugulitsa pa mtengo umene anagulidwira, ngakhale kutsikirapo pang'ono. Zimawawa, koma K1 miliyoni yotuluka m'mabeseni n'kulowa mu shuga imazungulira kawiri pamwezi, ulendo uliwonse ikubweretsa phindu, pamene ikakhala m'mabeseni imangodya malo.

Chimene chimadzazitsa masitolo ndi katundu wotere nthawi zambiri ndi mtengo wotsitsidwa. Wogulitsa wa kampani amabwera n'kunena kuti wotenga makatoni ambiri amuchotsera kangachepe. Funso loyenera si lakuti achotsera zingati, koma lakuti makatoni owonjezerawo adzatha liti. Kuchotseredwa K3 pa K100 chifukwa cha katundu amene adzadikire miyezi iwiri asanayambe kugulitsidwa n'kuluza, ngati ndalama yomugulira ikulipitsa K3 pa K100 mwezi uliwonse.

Mayiyu atatsitsa katundu wochedwayo kuchoka pa K15 miliyoni kufika pa K9 miliyoni, katundu yense akhala wa K19 miliyoni, ndipo masiku atsika kuchoka pa 25 kufika pa 19. Katundu wothamanga sayenera kukhudzidwa. Mwini okala amene wapalasa njinga mtunda wautali n'kupeza shuga kulibe amapita kusitolo ina, ndipo kumeneko amagulanso sopo ndi mchere womwe.

Kufupikitsa masiku a angongole

Kuletseratu ngongole sikungatheke, pakuti maokala ambiri alibe mpamba wogulira katundu wa sabata yonse, ndipo wopikulitsa wokana ngongole amataya makasitomala. Chofunika ndi malire. Kasitomala aliyense akhale ndi tsamba lake m'buku, lolembedwa ndalama imene sangapyole ndi tsiku lobweza, ndipo asaine nthawi iliyonse akatenga katundu. Malirewo ayenderane ndi katundu amene okala yake imagulitsa pa masabata awiri, osati ndi kutalika kwa chinzake kapena chibale. Lamulo lalikulu ndi limodzi: katundu watsopano satuluka pangongole yakale isanabwezedwe.

Kamodzi pasabata ngongole zonse zigawidwe m'mizere itatu: zosapyola masiku 14, za masiku 15 mpaka 30, ndi zopyola mwezi. Mzere wachitatu ndi umene umafuna kuyenderedwa msanga, chifukwa ngongole ikamakalamba mwayi woibweza umachepa, ndipo mwini okala amene ali nayo amayamba kukagula kwina ndi ndalama pamanja pothawa kukumana ndi mwini ngongole. Zikatero wopikulitsa wataya ziwiri, ndalama ndi kasitomala yemwe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna: kukumbutsa munthu tsiku lobweza lisanakwane, mwaulemu, kumasunga ubale kuposa kukhala chete miyezi iwiri kenako n'kukalanda katundu.

Nthawi yotolera nayo ndi yofunika. Mwini okala amakhala ndi ndalama madzulo a tsiku la msika ndi pakutha pa mwezi, ogwira ntchito akalandira malipiro. Kumudikira kuti abwere yekha patapita masiku n'kulola kuti ndalamayo ipite ku zina. Kulipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kumathandiza kuti abweze pang'onopang'ono tsiku lomwelo wagulitsa, osadikira ulendo wa kumsika, bola agwirizane kale za amene adzalipire ndalama yodulidwa potumiza ndi potapa.

Ena amayesa kuchotsera mtengo amene alipira msanga. Kwa munthu amene amatha masiku 36, kumuchotsera K2 pa K100 kuti alipire pompopompo kuli ndi nzeru, popeza kumudikira kumadya pafupifupi K3.60 pa K100 m'chiwongoladzanja. Vuto ndi lakuti olipira pompopompo akale nawonso adzafuna kuchotseredwa. K2 pa K100 ya malonda onse a K33 miliyoni ndi K660,000, yomwe ndi yoposa theka la phindu la mayiyu. Njira imeneyi imafuna kuwerengera bwino isanalengezedwe.

Oda zikuluzikulu zochokera kumabungwe ndi kumasukulu ogonera konko zimakopa, koma malipiro ake amadutsa m'maofesi angapo ndipo amatha kutenga nthawi. Wopikulitsa asanavomere ayenera kudzifunsa ngati sitolo ingayende miyezi iwiri kapena itatu popanda ndalamayo, aonetsetse kuti ali ndi kalata ya oda yosainidwa, ndipo apereke invoisi tsiku lomwelo watsitsa katundu, pakuti masiku a malipiro amayamba kuwerengedwa invoisi ikalandiridwa. Amene analembetsa msonkho wa VAT akumbukirenso kuti bungwe la MRA limayembekezera msonkho wa malonda a mwezi pofika pa 25 mwezi wotsatira, kaya kasitomala walipira kaya sanalipire.

Mayiyu atakwanitsa kuti angongole ake azibweza pa masiku 21 m'malo mwa 36, ndalama za m'buku zitsika kuchoka pa K13.2 miliyoni kufika pa K7.7 miliyoni, ndipo masiku 12 aja akhala 7.

Kutalikitsa masiku a kampani popanda kuswa pangano

Gawo lachitatu ndi limene wopikulitsa wa kuboma ali nalo ndi mphamvu zochepa. Katundu wothamanga, makamaka akamasowa, amagulidwa ndi ndalama pamanja, ndipo nthawi zina munthu amayamba waika ndalama kubanki n'kudikira masiku angapo asanapatsidwe katundu. Zikatero masiku a kampani sachotsedwanso paulendo koma amawonjezedwa. Mpata wokambirana umapezeka kwambiri pa katundu amene makampani angapo akulimbirana msika, monga sopo, mabisiketi ndi zodzoladzola, ndipo uyu ndi yemweyo amene amachedwa kutuluka. Pempho lomveka ndi lakuti katundu wochedwa kugulitsidwa apatsidwe masiku ambiri olipirira.

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kupempha masiku owonjezera ndi kungochedwa kulipira. Wopikulitsa amene wakhala akulipira pa tsiku lake kwa miyezi isanu ndi umodzi, ali ndi malisiti oonetsa zimenezo, ali ndi pogwira akamapempha kuti masiku 7 akhale 14. Amene amazemba foni amachotsedwa pa mndandanda wa opatsidwa ngongole, ndipo masiku 7 aja amatha onse. M'chitsanzo chija zimenezo zingatanthauze kupeza K7 miliyoni mwadzidzidzi. Chinthu china chosavuta ndi kusalipira tsiku lisanakwane ngati palibe chochotseredwa, komanso kukonza kuti tsiku lolipira kampani lizibwera pambuyo pa tsiku la msika, osati lisanafike.

Ngati makampani ena avomera, ngongole ya mayiyu kumakampani ingakwere kuchoka pa K7 miliyoni kufika pa K10 miliyoni, kutanthauza masiku 10.

Zotsatira zake ndi malire ake

Tsopano masiku 19 kuphatikiza 7, kuchotsapo 10, akutsala 16. Ulendo wa mwezi wathunthu watsala wa masabata awiri ndi masiku awiri. Ndalama yofunika kukhala paulendo yatsika kuchoka pa K31.2 miliyoni kufika pa K16.7 miliyoni, ndipo K14.5 miliyoni yamasuka: K6 miliyoni kuchokera m'katundu, K5.5 miliyoni kwa angongole ndi K3 miliyoni kumakampani. Ndalama imeneyi ndi yofanana ndi phindu la chaka chathunthu, ndipo yapezeka popanda kugulitsa ngakhale paketi imodzi yowonjezera. Koma si phindu ayi. Ndi mpamba womwe uja umene wabwerera, ndipo umamasuka kamodzi kokha. Ntchito yake yoyenera ndi kubweza ngongole yodula, kuwonjezera katundu wothamanga, kapena kusungidwa kuti idzanyamule malonda a nthawi yokolola. Ikapita kukamanga nyumba, sitolo imabwerera pamene inali.

Kukwera kwa mitengo kumasinthanso kawerengedwe. Pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, wopikulitsa amene ndalama zake zinali m'katundu wosawonongeka anali pabwino, chifukwa katunduyo anakwera mtengo ali m'sitolo. Amene ndalama zake zinali m'buku la ngongole anabwezeredwa makwacha omwewo, amene sakanathanso kugula makatoni ochuluka ngati omwe anatuluka. Choncho mitengo ikamakwera, masiku oyamba kudulidwa ndi a angongole, ndipo kusunga katundu wothamanga wochulukirapo kungakhale kwanzeru, malinga ngati sakugulidwa ndi ndalama za katapila. Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Kuyambira Januwale mpaka Malichi, m'midzi ndalama zimasowa, angongole amachedwa ndipo katundu amagona, pamene dzinja likamayandikira sitolo za kumadera a misewu yovuta zimayenera kusunga katundu wambiri. N'chifukwa chake masiku a mwezi umodzi sapereka chithunzi chonse. Amafunika kuwerengedwa pakutha pa mwezi uliwonse n'kuyerekezedwa ndi a mwezi womwewo chaka chatha.

Ntchito yonseyi imafuna kope limodzi ndi ziwerengero zisanu zokha: katundu amene ali m'sitolo, ngongole za makasitomala, ngongole za kumakampani, malonda a mwezi, ndi mtengo umene katundu wogulitsidwayo anagulidwira. Ndipo nkhaniyi si ya opikulitsa okha. Mwini okala amene wabweza pa tsiku lake wafupikitsa ulendo wa ndalama zimene zidzagule shuga amene iye yemwe adzamufune sabata yamawa. Akachedwa, ndalama yake imasowa pa tsiku limene galimoto yafika pasitolo.